Kafukufuku akati "zatsimikizika", kusiyanako n'kwakukulu bwanji?

Nthawi ndi nthawi pamatuluka nkhani yoti ofufuza apeza kuti mankhwala akutiakuti amatsitsa kuthamanga kwa magazi, kapena kuti foni zikusokoneza maganizo a achinyamata. Nkhaniyo imatsindika kuti kafukufukuyo anakhudza anthu 200,000 ndiponso kuti zotsatira zake zatsimikizika mwasayansi. Wowerenga akamva kuchuluka kwa anthuwo amangoti basi, apa ndiye apeza chinthu chachikulu. Koma pakapita miyezi ingapo akatswiri ena amatulukira n'kunena kuti zomwe zinapezekazo n'zoona ndithu, kungoti zilibe phindu lenileni. Kodi chinthu chingakhale bwanji choona, chotsimikizika, koma chopanda phindu?

Chisokonezochi chimabwera chifukwa pali mafunso awiri omwe amamveka ngati limodzi. Loyamba ndi lakuti kodi kusiyana komwe taona pakati pa magulu awiri kulipodi, kapena kwangochitika mwamwayi? Lachiwiri ndi lakuti, ngati kulipo, n'kwakukulu bwanji? Funso loyamba limayankhidwa ndi nambala yotchedwa p. Lachiwiri limayankhidwa ndi kukula kwa kusiyana. Kafukufuku wa anthu ochuluka amatha kuyankha funso loyamba mwamphamvu kwambiri pomwe yankho la funso lachiwiri ndi kanthu kakang'ono zedi.

Nambala ya p ndi chiyani

Tiyambe ndi ndalama yachitsulo. Mukaiponya m'mwamba kakhumi, n'kugwa chamutu kasanu ndi kamodzi, simunganene kuti ndalamayo ili ndi vuto, chifukwa ngakhale ndalama yabwinobwino imachita zimenezi kawirikawiri. Koma ikagwa chamutu maulendo khumi onse, mumayamba kukaika, popeza ndalama yabwinobwino imachita zimenezi pafupifupi kamodzi kokha pa maulendo 1,000 oyesa chonchi. Nambala ya p imayeza kukaika kumeneku. Imati, tikayerekeza kuti palibe kusiyana kulikonse pakati pa magulu awiriwa, ndi kangati pomwe mwayi wokha ukanatipatsa kusiyana kofika pomwe taonapa kapena kuposa? Nambalayi imakhala pakati pa 0 ndi 1. Ikakhala yaing'ono, ndiye kuti zomwe taonazo n'zovuta kuzifotokoza ndi mwayi wokha.

Malire odziwika a 0.05, kutanthauza kamodzi pa maulendo 20, anatchuka kudzera mwa Ronald Fisher, katswiri wa ziwerengero wa ku England yemwe ankagwira ntchito pamalo ofufuzira zaulimi a Rothamsted kuyambira 1919. M'buku lake la 1925 anati mulingo umenewu ndi wosavuta kugwiritsa ntchito. Kwa iye p yaing'ono inali chizindikiro choti nkhaniyo ndi yoyenera kuifufuzanso. Mu 1933 Jerzy Neyman ndi Egon Pearson anabweretsa njira ina, yoti wofufuza aikiretu malire asanayambe, kenako agamule kuti avomereza kapena akana. M'kupita kwa zaka mabuku ophunzitsira anasakaniza njira ziwirizi, ndipo kunatuluka chizolowezi chomwe tikuchiona lero: p ikatsika pansi pa 0.05 zotsatira zimatchedwa zotsimikizika, ikakwera pamwamba pake zimatchedwa zosatsimikizika.

Vuto lina lili pa mawu. M'Chingelezi zotsatira zoterezi amazitchula kuti siginifikanti, mawu omwe m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku amatanthauza chinthu chofunika. Kwa akatswiri a ziwerengero mawuwa amangotanthauza kuti p yatsika pansi pa malire. Atolankhani ndi owerenga ambiri amamva tanthauzo loyambalo. Komatu p sinena kuti kusiyana n'kwakukulu, sinena kuti n'kofunika, ndipo sinena kuti pali mwayi wochuluka bwanji woti ganizo la wofufuzayo n'loona.

Kusiyana kumodzi, magulu atatu

Tiyerekeze kuti pali piritsi latsopano lotsitsa kuthamanga kwa magazi. Anthu agawidwa m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina likumwa piritsi latsopanolo, lina likumwa lakale. Pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi, avereji ya nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi m'gulu la piritsi latsopano ndi 139.5 mmHg, kutanthauza mamilimita a muyezo wa kuthamanga kwa magazi, pomwe m'gulu linalo ndi 140.0 mmHg. Kusiyana ndi 0.5 mmHg.

Anthu safanana. M'gulu lililonse muli ena a 120, ena a 160. Kumwazikana kumeneku kuli ndi muyezo wake, womwe m'malipoti umalembedwa SD, ndipo umasonyeza kuti munthu wamba amatalikira bwanji ku avereji ya gulu lake. Tinene kuti pano ndi 15 mmHg. Chifukwa cha kumwazikanaku, avereji ya gulu imagwedezeka: mutatenga anthu ena m'malo mwa awa, ikanasuntha pang'ono. Muyezo wa kugwedezekaku umalembedwa SE, ndipo pa magulu awiri ofanana kukula, lililonse la anthu n, umawerengedwa motere:

```
SE = SD × √(2/n)
z = 0.5 / SE
```

Nambala ya z ikuonetsa kuti kusiyana kwathu kwaposa kangati kugwedezeka kwa mwayi. Ikapitirira 1.96, p imatsika pansi pa 0.05.

Ngati gulu lililonse lili ndi anthu 100, SE imakhala pafupifupi 2.1. Kusiyana kwa 0.5 kwamira m'kugwedezekako, z ndi 0.24, ndipo p ndi 0.81. Lipoti linena kuti palibe chomwe chatsimikizika. Tsopano tikweze anthu kufika 10,000 m'gulu lililonse. Piritsi ndi lomwelo, kusiyana ndi 0.5 komweko, koma SE yatsika kufika 0.21, z yakwera kufika 2.36, ndipo p ndi 0.018. Lipoti linena kuti piritsi latsopano latsimikizika kuti limaposa lakale. Tikafika pa anthu 100,000 m'gulu lililonse, SE ndi 0.067, z yadutsa 7, ndipo p yachepa mwakuti pamafunika maziro oposa khumi pambuyo pa kadontho kuti muilembe.

Taonani chomwe chasintha ndi chomwe sichinasinthe. Wodwala womwa piritsi latsopanolo akupindula mofanana m'kafukufuku aliyense mwa atatuwa, theka la milimita imodzi. Chomwe chasintha ndi kuthwa kwa maso athu. Pa manambala amenewa, anthu pafupifupi 6,900 m'gulu lililonse ndi okwanira kuti 0.5 adutse malire a 0.05. Ndipo kusiyana kukanakhala 0.05 mmHg, kukanadutsanso, bola anthu achuluke kuwirikiza ka 100. Palibe kusiyana kochepa kwambiri komwe sikungatsimikizike ngati anthu achuluka mokwanira, pokhapokha kukhale ziro weniweni.

Fanizo lake ndi sikelo. Sikelo yoyezera matumba olemera singasiyanitse thumba la makilogalamu 50 ndi lina lomwe lawonjezera galamu imodzi. Sikelo ya mu labotale ingasiyanitse mosakaikitsa n'komwe. Koma munthu wosenza matumba awiriwo sangamve kusiyana, ngakhale sikelo ikhale yabwino chotani. Kafukufuku wamkulu ndi sikelo ya mu labotale.

Nanga 0.5 mmHg ndi chiyani kwa wodwala? Makina ambiri oyezera amaonetsa manambala athunthu, alibe theka. Munthu yemweyo mukamuyeza kawiri motsatizana, manambala amatha kusiyana ndi mamilimita angapo chifukwa choti walankhula, wapinda miyendo, kapena wangofika kumene akupuma mwawefuwefu. Dokotala sangaone 0.5 ameneyu mwa wodwala aliyense. Ngati piritsi latsopanolo ndi lokwera mtengo kapena limachititsa chizungulire, n'kovuta kuona chifukwa chosiyira lakale.

Mbali inayo iliponso, ndipo anthu amaiwala. Tiyerekeze kafukufuku wamng'ono wa anthu 20 m'gulu lililonse yemwe wapeza kusiyana kwa 8 mmHg. Apa SE ndi pafupifupi 4.7 ndipo p ili cha m'ma 0.10. Malinga ndi chizolowezi, izi sizinatsimikizike. Koma 8 mmHg, ikakhala yoona, ndi kusiyana komwe dokotala aliyense angakufune. Kunena kuti piritsilo siligwira ntchito kungakhale kulakwitsa. Chomwe kafukufukuyo wasonyeza n'choti anthu anachepa kuti tidziwe.

Kukula kwa kusiyana ndi njira zokuyezera

Kukula kwa kusiyana ndi nambala yonena kuti chinthu chasintha zochuluka bwanji. Njira yosavuta, yomwenso nthawi zambiri ndi yabwino koposa, ndi kunena m'miyezo yeniyeni ya chinthucho: mamilimita a kuthamanga kwa magazi, makilogalamu, masiku ogona m'chipatala, malikisi a mayeso. Aliyense wodziwa ntchitoyo amamva msanga ngati nambalayo ili yaikulu kapena yaing'ono.

Koma pali zinthu zina zomwe miyezo yake si yozolowereka, monga mafunso oyeza nkhawa, pomwe ofufuza ena amagwiritsa ntchito mulingo wofika 21, ena wofika 63. Kuti zotere zifananitsidwe, kusiyana kumagawidwa ndi kumwazikana kwa anthu. Nambala yotulukayo imatchedwa d, ndipo inatchuka ndi Jacob Cohen, katswiri wa za maganizo wa ku America, m'buku lake la 1969 lomwe analikonzanso mu 1988. Pa piritsi lathu, 0.5 kugawa ndi 15 kumapereka d ya 0.03.

Cohen anapereka zizindikiro zitatu: 0.2 ndi kusiyana kwakung'ono, 0.5 kwapakatikati, 0.8 kwakukulu. Kuti anthu amve, anafanizira ndi kutalika kwa atsikana. Kusiyana kwa msinkhu pakati pa atsikana a zaka 15 ndi a zaka 16 kuli ngati 0.2, kulipo koma n'kovuta kukuona ndi maso. Pakati pa a zaka 13 ndi a zaka 18 kuli ngati 0.8, ndipo aliyense amakuona. Mwiniwakeyo anachenjeza kuti zizindikirozi n'zogwiritsa ntchito pokhapokha palibe china chodalira, koma chenjezolo ambiri analidumpha n'kungotenga manambala atatuwo ngati lamulo.

Pali njira yabwino yomvetsera d. Tengani munthu mmodzi mwa maere m'gulu la piritsi latsopano ndi wina m'gulu la piritsi lakale. Ndi kangati pomwe woyambayo adzakhale ndi nambala yotsikirapo? Pakanakhala kuti palibe kusiyana kulikonse, yankho likanakhala maulendo 50 pa 100. Pa d ya 0.8 ndi pafupifupi 71 pa 100, pa 0.5 ndi 64, pa 0.2 ndi 56. Pa piritsi lathu la d ya 0.03 ndi 51 pa 100. Ndiye kuti mutafuna kulosera yemwe ali ndi nambala yotsika pongodziwa piritsi lomwe akumwa, mungapose woponya ndalama ndi ulendo umodzi wokha pa 100. Kumeneku ndiye kusiyana komwe p yake inali ndi maziro oposa khumi.

Muyezo wa d uli ndi msampha wake. Popeza umagawa ndi kumwazikana, kafukufuku wa anthu ofanana kwambiri, mwachitsanzo amuna okhaokha a msinkhu umodzi, amapereka d yaikulu kuposa kafukufuku wa anthu osiyanasiyana, ngakhale piritsi likutsitsa mamilimita ofanana. Choncho lipoti likapereka d yokha osanena mamilimita kapena malikisi, wowerenga wabisiridwa theka la nkhani.

Zotsatira zikakhala za inde kapena ayi, monga kudwala kapena kusadwala, pamakhala njira ziwiri zonenera kusiyana, ndipo zimamveka mosiyana kwambiri. Ngati nthenda imagwira anthu 2 pa 10,000 aliwonse ndipo mankhwala atsitsa kufika 1 pa 10,000, n'zoona kunena kuti chiopsezo chatsika ndi theka. N'zoonanso kunena kuti pafunika anthu 10,000 amwe mankhwalawo kuti mmodzi apulumuke ku nthendayo. Njira yachiwiriyi, yowerenga anthu ofunika kulandira chithandizo kuti mmodzi apindule, inafotokozedwa mu 1988 ndi Andreas Laupacis, David Sackett ndi Robin Roberts, ndipo m'malipoti imalembedwa NNT. Mitu ya nkhani imakonda njira yoyamba chifukwa theka limamveka lalikulu.

Malire a chikaiko

Nambala imodzi ya kukula kwa kusiyana si yokwanira, chifukwa nayonso imagwedezeka. N'chifukwa chake malipoti abwino amaika malire awiri m'mbali mwake, lotsika ndi lokwera, omwe amalembedwa 95% CI. Njirayi inakhazikitsidwa ndi Neyman mu 1937. Mwachidule, malirewa akusonyeza manambala omwe akugwirizana ndi zomwe zapezeka, ndipo pa magulu aakulu amapezeka pochotsa ndi kuwonjezera 1.96 kuchulukitsa ndi SE. Zili ngati munthu akakuuzani kuti afika pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko, kusiyana ndi wina wonena kuti afika pakati pa 2:55 ndi 3:05.

Pa piritsi lathu, kafukufuku wa anthu 100 m'gulu amapereka malire oyambira −3.7 kufika 4.7. Piritsilo likhoza kukhala loipirapo, likhoza kukhala labwinopo ndi mamilimita pafupifupi asanu, sitikudziwa. Wa anthu 10,000 amapereka 0.08 kufika 0.92. Wa anthu 100,000 amapereka 0.37 kufika 0.63. Apa mpamene ubwino weniweni wa kafukufuku wamkulu ukuonekera, ndipo ndi wosiyana ndi womwe mitu ya nkhani imanena. Kafukufukuyu watiuza motsimikiza kuti kusiyana kulipo, komanso watiuza motsimikiza kuti sikufika ngakhale milimita imodzi. Uthenga wachiwiriwu ndi womwe dokotala akuufuna kwambiri.

Kuti malirewa awerengeke bwino pamafunika kudziwiratu kusiyana kochepetsetsa komwe kuli ndi phindu. Azachipatala anapatsa ganizoli dzina mu 1989 kudzera mwa Roman Jaeschke, Joel Singer ndi Gordon Guyatt: kusintha kochepa kwambiri komwe wodwala angakuone kuti kwamuthandiza, kokwanira kuti chithandizo chisinthidwe. Tinene kuti madokotala agwirizana, kafukufuku asanayambe, kuti piritsi latsopano liyenera kuposa lakale ndi 2 mmHg kuti lisinthe kalembedwe ka mankhwala. Pamenepo malire a 0.37 mpaka 0.63 onse ali pansi pa 2, ndipo nkhani yatha. Malire a kafukufuku wa anthu 20 uja, omwe ndi pafupifupi −1.6 mpaka 17.6, akuphatikiza ziro komanso manambala aakulu zedi, ndiye nkhani yake ikadali yotseguka. Mulingo umenewu uyenera kuikidwa poyamba, chifukwa ukaikidwa zotsatira zitaoneka kale, munthu amausuntha kuti ugwirizane ndi zomwe akufuna.

Chomwe kuchuluka kwa anthu sikuchotsa

Pali chifukwa chachiwiri chokaikira kusiyana kwakung'ono m'kafukufuku wamkulu, ndipo n'chozama kuposa choyamba. Kuchuluka kwa anthu kumachepetsa kugwedezeka kwa mwayi kokha. Sikuchotsa cholakwika chomwe chimapendekera mbali imodzi nthawi zonse. Sikelo yomwe imawonjezera magalamu 100 idzawonjezerabe magalamu 100 ngakhale muyezepo maulendo miliyoni, kungoti mudzakhala otsimikiza kwambiri za nambala yolakwikayo.

Pa kuthamanga kwa magazi, lamba womanga pamkono akachepa kwa munthu wa mkono waukulu, makina amapereka nambala yokwera kuposa yeniyeni. Ngati anthu a gulu limodzi anayezedwa kwambiri pachipatala chomwe chili ndi malamba aang'ono okha, kapena m'mawa pomwe enawo anayezedwa madzulo, kapena ngati odwalika kwambiri a gulu limodzi anasiyira panjira, kupendekeka kwa theka la milimita kumalowa mosavuta. Kusiyana kukakhala 10 mmHg, zolakwika zoterezi sizingakufotokoze konse. Kukakhala 0.5, zikhoza kukhala ndizo zonse zomwe tayeza. Nambala ya p siingasiyanitse ziwirizi.

Vutoli limakula m'kafukufuku yemwe anthu sanagawidwe mwa maere, koma ofufuza angoyang'ana moyo wawo momwe ulili. Paul Meehl wa ku yunivesite ya Minnesota, pamodzi ndi David Lykken, anayang'ana mayankho a ophunzira a sekondale pafupifupi 57,000 pa zinthu 15 zosiyanasiyana zokhudza mabanja awo, zokonda zawo ndi zolinga zawo. Zinthu 15 zikaikidwa ziwiriziwiri zimapanga magulu 105, ndipo m'magulu onse 105 kulumikizana kunatuluka kotsimikizika. Meehl ankanena kuti m'moyo wa anthu chilichonse chimalumikizana pang'ono ndi china chilichonse, kudzera m'maphunziro, chuma, msinkhu ndi zina zambiri zosayezedwa. Choncho kupeza kulumikizana kwakung'ono pakati pa anthu masauzande ambiri sikutsimikiza kuti chimodzi chikuchititsa chinzake.

Nkhani ya mafoni ndi achinyamata inadutsa m'njira yomweyi. Mu 2019 Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku yunivesite ya Oxford anasanthula mayankho a achinyamata oposa 350,000 a ku America ndi ku Britain. Anapeza kuti kugwiritsa ntchito zipangizo zamakono kumalumikizana ndi kutsika kwa umoyo wa maganizo, koma kulumikizanako kumafotokoza zosaposa 0.4 peresenti ya kusiyana kwa achinyamatawo. Akatswiri ena anatsutsa kuti avereji imeneyi ikubisa magulu omwe akukhudzidwa kwambiri, makamaka atsikana ogwiritsa ntchito masamba a mchezo nthawi yaitali, ndipo mtsutsowo ukupitirirabe.

Pomwe chaching'ono chimakhala ndi phindu

Sikuti kusiyana kulikonse kwakung'ono n'kopanda ntchito. M'zaka za m'ma 1980 madokotala aamuna 22,071 a ku America anagawidwa mwa maere, ena kumwa asipirini wa mamiligalamu 325 tsiku lina kudumpha lina, ena piritsi lopanda mankhwala. Lipoti loyamba la 1988 linasonyeza kuti mwa omwa asipirini 104 anagwidwa ndi nthenda ya mtima yadzidzidzi yobwera ndi kutsekeka kwa mitsempha, pomwe m'gulu linalo anali 189. Mbali imeneyi ya kafukufuku inaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa oyang'anira anaona kuti kusiyanako n'koonekeratu.

Manambala omwewa angathe kunenedwa m'njira zitatu. Chiopsezo chinatsika ndi pafupifupi 45 peresenti, zomwe zikumveka zazikulu. Chinatsika kuchoka pa 1.7 peresenti kufika 0.9 peresenti, zomwe zikumveka zazing'ono, ndipo zikutanthauza kuti anthu pafupifupi 130 anafunika kumwa asipirini kwa zaka pafupifupi zisanu kuti mmodzi apewe nthendayo. Robert Rosenthal, katswiri wa za maganizo, anawerengera manambalawa pa muyezo wa kulumikizana wotchedwa r, womwe umafika 1, n'kupeza 0.034 yokha, pansi kwambiri pa chomwe Cohen ankachitcha chaching'ono. Komabe chomwe chinkapewedwa ndi nthenda yotha kupha, ndipo piritsilo ndi lotsika mtengo. Kumbali ina asipirini amawonjezera chiopsezo cha kutaya magazi m'mimba, ndiye phindu la mmodzi pa 130 liyenera kuyezedwa ndi chiwonongeko chimenecho. N'chifukwa chake malangizo a asipirini kwa anthu omwe sanadwalepo mtima akhala akusintha kuchokera nthawiyo.

Chitsanzo china chimagawanitsa akatswiri mpaka pano. Kwa sabata imodzi mu Januwale 2012, kampani ya Facebook inasintha zomwe anthu 689,003 ankaona patsamba lawo, ena kuwachepetsera mauthenga osangalatsa, ena okhumudwitsa. Zotsatira zitatuluka mu 2014, mitu ya nkhani inati maganizo a anthu amapatsirana pa intaneti. Kukula kwake kunali kotere: omwe anachepetseredwa mauthenga osangalatsa anachepetsa mawu osangalatsa m'zolemba zawo ndi pafupifupi liwu limodzi pa mawu 1,000, ndipo pa muyezo wina d inali 0.001. Otsutsa anati palibe munthu angamve kusintha kotere. Ochita kafukufukuyo anayankha kuti pa anthu mamiliyoni mazana ambiri, kanthu kakang'ono kamasanduka mauthenga ochuluka tsiku lililonse. Paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma funso ndi lakuti kodi timitengoti tikumangikadi pamodzi, kapena kalikonse kakungogwa pakepake.

Funso lomweli likubwerera pa piritsi lathu. Kwa wodwala mmodzi 0.5 mmHg palibe chomwe ikusintha. Koma Geoffrey Rose, katswiri wa za umoyo wa anthu wa ku England, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti kutsitsa pang'ono chiopsezo cha anthu onse m'dziko kungapewe matenda ambiri kuposa kuthandiza kwambiri ochepa omwe ali pachiopsezo chachikulu, ngakhale munthu payekha apindula zochepa. Choncho nambala yomweyo ikhoza kukhala yopanda ntchito m'chipinda cha dokotala koma yoyenera kuiganizira kwa okonza ndondomeko za dziko lonse, malinga ngati ili yoonadi, yotsika mtengo komanso yosabweretsa mavuto ena.

Zomwe akatswiri sanagwirizanebe

Mu 2016 bungwe la akatswiri a ziwerengero la ku America linatulutsa chikalata chonena poyera kuti p siyeza kukula kwa kusiyana kapena kufunika kwa zotsatira. Pa mfundo imeneyi pali mgwirizano. Pa zoyenera kuchita m'pomwe anthu akusiyana. Mu 2015 magazini ina ya sayansi ya za maganizo inaletseratu p m'nkhani zake. Mu 2018 gulu la ofufuza 72 linapempha kuti malire a zopezeka zatsopano atsike kuchoka pa 0.05 kufika 0.005. Mu 2019 Valentin Amrhein, Sander Greenland ndi Blake McShane, mothandizidwa ndi asayansi oposa 800 omwe anasainira, anapempha m'magazini ya Nature kuti kugawa zotsatira m'zotsimikizika ndi zosatsimikizika kuthe. Ena akuti popanda malire omveka, wofufuza aliyense azitanthauzira manambala momwe akufunira, ndipo mabungwe ovomereza mankhwala amafunikabe kugamula inde kapena ayi. Kutsitsa malire nakonso sikuthetsa nkhani yathu, chifukwa 0.5 mmHg pa anthu 100,000 imadutsa 0.005 mosavuta.

Funso lina lovuta ndi la yemwe ayenera kuika mulingo wa kusiyana kochepetsetsa kofunika. Wodwala, dokotala, wolipira mankhwala ndi kampani yopanga akhoza kutchula manambala anayi osiyana, ndipo masamu sangasankhe pakati pawo. Pa zinthu monga ululu pali kafukufuku wofunsa odwala kuti akumva kusintha pati, koma pa nkhani zambiri za maphunziro ndi za maganizo mulingo woterewu sunakhazikikebe.

Palinso nkhani ya avereji. Kusiyana kwa 0.5 kungatanthauze kuti aliyense watsika ndi 0.5, kapena kuti munthu mmodzi pa 20 watsika ndi 10 pomwe enawo sanasinthe. Zinthu ziwirizi n'zosiyana kwambiri kwa odwala, koma kafukufuku wofananitsa magulu awiri amazionetsa ndi avereji imodzimodzi. Kusaka timagulu topindula kwambiri zotsatira zitatuluka kale kumabala zopezeka zabodza zambiri, chifukwa mukayesa timagulu 20 pomwe palibe kusiyana kulikonse, n'zoyembekezeka kuti kamodzi kadutse 0.05 mwamwayi. Njira yodalirika yodziwira yemwe akupinduladi ikufufuzidwabe.

Ndipo sizikudziwika bwino kuti ndi liti pomwe kusintha kwakung'ono kumaunjikana pakapita nthawi. Akatswiri a za maganizo David Funder ndi Daniel Ozer analemba mu 2019 kuti kusiyana kwakung'ono kobwerezedwa tsiku ndi tsiku kungakule n'kukhala kofunika. Ena anayankha kuti kuunjikanako kuyenera kusonyezedwa ndi umboni pa nkhani iliyonse payokha, popeza thupi ndi maganizo a munthu zimathanso kuzolowera, kusinthako n'kuzimiririka pakapita masabata ochepa.